Ataphedwa, alenje ananyamula gwape: waphedwa ndani?

Masiku ano ndikubwereza phunziro la nthambi za chiganizo, ndipo pamene pandichedwetsa ndi pa mawu amene amatsogola m'chiganizo koma osagwira mwini wake. Amangolendewera, kenako n'kukakamira dzina lililonse limene lili pafupi. Taonani ichi:

Ataphedwa, alenje ananyamula gwape n'kupita naye kumudzi.

Wolemba akudziwa kuti waphedwa ndi gwape. Koma wowerenga akangomva "ataphedwa" amayamba kufunafuna wophedwayo, ndipo dzina loyamba kukumana nalo ndi alenje. Ndiye mitembo ya alenje yadzuka n'kusenza nyama.

Chimene chandisangalatsa ndi choti mukangosintha nyamayo, vuto limatha lokha. "Itaphedwa, alenje ananyamula njati." Apa palibe angasokonezeke, chifukwa i- wa mu "itaphedwa" sangagwirizane ndi alenje, akuloza njati basi. Mgwirizano wa magulu a mayina ndi umene ukutilondera. Umalephera pamene mayina onse awiri akutenga a- pa mneni, monga gwape ndi alenje, galu ndi mwana, mphunzitsi ndi ophunzira. Komanso a- yemweyo amaimira munthu mmodzi, anthu ambiri, ndiponso munthu amene tikumupatsa ulemu. N'chifukwa chake nkhani za anthu okhaokha ndi zimene zimagwa kwambiri m'vutoli.

Chitsanzo chimene chimapezeka kawirikawiri m'mbiri ya moyo wa munthu ndi ichi: "Ali ndi zaka zisanu, bambo ake anamwalira." Bambo wa zaka zisanu! Kukonza kwake kuli pawiri. Mukhoza kuipatsa nthambi yoyambayo mwininkhani wakewake: "Mtsikanayu ali ndi zaka zisanu, bambo ake anamwalira." Kapena musiye nthambi yoyamba momwe ilili, koma musinthe yachiwiri kuti dzina lobwera pambuyo pa mpatuliro likhale la mwini zaka zija: "Ali ndi zaka zisanu, mtsikanayu anaferedwa bambo ake." Ine ndimakonda yachiwiriyi nkhani ikakhala ya mtsikanayo, poti iye amakhalabe patsogolo. Kungotembenuza chiganizo sikuthandiza. "Bambo ake anamwalira ali ndi zaka zisanu" ndiye choipiratu, mpaka mutaikapo kamawu kamodzi: "Bambo ake anamwalira iye ali ndi zaka zisanu."

Gwape uja naye amachira chimodzimodzi: "Gwape ataphedwa, alenje anamunyamula." Kapenanso, "Atapha gwape, alenje anamunyamula."

Pali mtundu wina umene mgwirizano sungathandize n'komwe, wa mawu oyamba ndi po-: pofuna, pokhala, poopa, pothawa. Amenewa alibe chizindikiro chilichonse cha wochita. Ali ngati katundu wopanda dzina m'basi, amene wakhala naye pafupi ndiye amayesedwa mwini wake. "Pokhala mwana wamasiye, agogo anamulera" chasandutsa agogo kukhala mwana wamasiye. Mmalo mwake tinene kuti, "Pokhala mwana wamasiye, mnyamatayo analeredwa ndi agogo," kapena "Popeza mnyamatayo anali wamasiye, agogo anamulera."

Zimafika poipa po- akakumana ndi mneni wa -dwa, amene amabisa wochita. "Pofuna kuchepetsa ngozi, msewu watsekedwa." Akufuna ndani? Msewu sufuna kanthu, ndipo wofunayo sali paliponse m'chiganizomo. Apa kusuntha mawu n'kutaya nthawi, chifukwa palibe dzina loti muwasunthire. Muyenera kulowetsamo munthu: "Pofuna kuchepetsa ngozi, apolisi atseka msewu." Ngati simukufuna kutchula wotseka, chotsani kufunako: "Msewu watsekedwa kuti ngozi zichepe." Kalembedwe ka zidziwitso za m'maofesi kadzaza ndi ziganizo zotere, ndipo nthawi zina ndimaganiza kuti n'zadala, kuti pasaoneke amene walamula.

Komatu si po- aliyense amene ali wolakwa. "Pomaliza, msonkhano udzayamba 8 koloko" sichisokoneza munthu, aliyense akudziwa kuti akumaliza ndi wolankhulayo. "Pobwera kumsika, mvula inagwa" nachonso ndimachilola pocheza, chifukwa po- ameneyu akungonena nthawi, ngakhale polemba ndingasankhe "Tikubwera kumsika, mvula inagwa." Amene ndimamuyang'anitsitsa ndi po- wa maganizo kapena cholinga, poti kufuna ndi kuopa kumafuna mwini mtima.

Poyesa chiganizo, ndimaphimba ndi chala zonse zobwera pambuyo pa mpatuliro kupatula dzina loyamba, n'kuwerenga ziwirizo pamodzi mokweza. "Poopa akuba, njinga..." Njinga ikuopa akuba? Ayi. Ndiye "Poopa akuba, njinga inalowetsedwa m'nyumba" chiyenera kukhala "Poopa akuba, amalume analowetsa njinga m'nyumba."