Lachitatu: tsamba la ngalawa za ku Kota Kota

Shehe anandituma mwana m'mawa, ndisanamwe n'komwe tiyi, kuti ndikawapeze kunyumba kwawo kuseri kwa mzikiti. Ndinawapeza atakhala pamkeka, kabuku kokulungidwa m'nsalu kali pamiyendo. Kabukuko kalibe chikuto ndipo tsamba loyamba linathothoka kalekale, koma m'katimo ndi Chinyanja chosindikizidwa, cha masiku amene tawuni yathu ino ya Nkhotakota inkalembedwa kuti Kota Kota. Lachisanu akuyembekezera mlendo wochokera ku Oman amene makolo ake ankachita malonda kunyanja kuno, ndipo akufuna kuti mlendoyo awerenge yekha m'Chiarabu tsamba limodzi lonena za ulendo wa ngalawa.

"Mwalimu, inu maso akadali akuthwa," anatero. "Koma musawonjezere kanthu. Zimene mzungu kapena mphunzitsi wa mishoniyo analemba, zomwezo."

Ndinati, "Ndamva, Shehe. Pamene sipakuwerengeka ndidzanena kuti sipakuwerengeka."

M'mawa wonse sindinalembe liwu ndi limodzi lomwe la Chiarabu. Tsamba lotere umayamba waliwerenga ndi kulikopera m'chinenero chake chomwecho, mzere ndi mzere, monga momwe lilili. Ukayamba kumasulira uku ukulimbana ndi zilembo, mutu umadzaza wokha mipata ndi mawu amene akukoma m'Chiarabu, ndipo pambuyo pake sungathenso kusiyanitsa zimene unaona ndi zimene unaganiza.

Anthu amati inki yafufutika, koma inki ya makina osindikizira akale siitha mtundu wamba. Inkapangidwa ndi mwaye wosakaniza ndi mafuta, ndipo mwaye sutuwa ndi dzuwa. Chimene chimachitika n'chakuti pepala limasanduka lofiirira mpaka zilembo kuleka kuonekera bwino, zala za owerenga zimaperesa inki ya pamwamba, chinyezi cha kunyanja kuno chimafewetsa pepala, ndipo tizilombo timasenga khungu lake. Kudziwa zimenezi kumathandiza, chifukwa zilembo zachitsulo zija zinkadinda pepala mwamphamvu n'kusiya kadzenje. Inki ikachoka, kadzenjeko nthawi zambiri kamatsala.

Choncho ndinatseka zenera, n'kuika pepala lakuda kuseri kwa tsambalo kuti zilembo za mbali inayo zisamaonekere, kenaka n'kugoneka tochi ya foni pambali, pafupifupi kukhudza tebulo. Kuwala kukabwera chogona chotero, kadzenje kalikonse kamakhala ndi mthunzi wake, ndipo chilembo chimene sichimaoneka masana chimatuluka. Ndinasuntha tochiyo kumanzere, kumanja, kumtunda, chifukwa mzere woimirira wa chilembo umaoneka kuwala kukachokera pambali, pamene wopingasa umafuna kuwala kochokera kumtunda. Ndinajambulanso tsambalo ndi foni ina popanda kuthwanimitsa, n'kuchotsa mitundu kuti chithunzi chikhale chakuda ndi choyera chokha. Chithunzi chimathandiza kukulitsa, komabe pamene pavuta ndimabwerera ku pepala lenilenilo. Pa tsambalo sindinalembepo kanthu, ngakhale ndi pensulo. Masamba ena a kabukuka wina anawadutsitsa bolopeni pofuna kuthandiza, ndipo pamenepo zimene zinasindikizidwa zinakwiririka, tikuwerenga maganizo a mwini bolopeniyo. Zimandipweteka mtima kuziona.

Mizere yambiri inawerengeka popanda vuto nditazolowera kalembedwe kake. Olemba a nthawi imeneyo sankaika h pa mawu amene ife timawatchula ndi mpweya. Analemba antu, ntawi, mpepo. Malo ovuta anali atatu.

Oyamba anali pa mzere wachinayi: "ngalawa zi…i zinachoka m'mamawa". Pakati pa zi ndi i wotsiriza panali poyera. Zitatu ndi zisanu zimathera ndi u, choncho zinatsala ziwiri kapena zinai, monga ankalembera zinayi. Wowerenga Chichewa akhoza kungodutsa, chifukwa mizere yotsatira imati zinafika, zinaima, zinabwerera, ndipo zi- ameneyo sasintha kaya ngalawazo ndi ziwiri kaya zinayi. Chiarabu sichilola zimenezo. Chili ndi kanenedwe kapadera ka zinthu ziwiri. Ngalawa ziwiri ndi markabaan, ndipo ponena kuti zinafika umati wasalaa. Zikakhala zinayi ndi arba'atu maraakib, ndipo mneni amakhala wasalat. Alowam'malo onse mpaka kumunsi kwa tsamba amatsatira chisankho chimenecho. Ukalakwitsa pa mzere wachinayi, walakwitsa tsamba lonse.

Apa chinandithandiza n'chakuti chilembo chilichonse chachitsulo chinali ndi m'lifupi mwake mosasintha. Wosanja zilembo akafuna kuti mzere ukwane, ankakulitsa kapena kuchepetsa mipata ya pakati pa mawu, osati zilembo zenizenizo. Ndinafufuza masamba ena mpaka kupeza ziwiri ndi zinai osindikizidwa bwino, n'kudula kapepala kowonda, n'kuika timizere pamene liwu lililonse layambira ndi pamene lathera. Ziwiri ndi lalitali kuposa zinai ndi pafupifupi milimita imodzi ndi theka, chifukwa w ndi chilembo chotambalala. Nditaika kapepalako pansi pa liwu lofufutikalo, z ndi i wotsiriza zinagwera ndendende pa timizere ta ziwiri. Nditagonekanso tochi ndinaona timizere tiwiri topendekera pafupi ndi zi, ndipo n alibe mzere wopendekera. Umboni uwiri wogwirizana unandikwanira. M'kope langa ndinalemba zi[wir]i, zilembo zimene ndabwezeretsazo zili m'mikutiramawu.

Malo achiwiri inki inali yabwino ndithu, vuto linali kalembedwe kaja kopanda h. Mzerewo umati woyendetsa ngalawa "anaponya doko chifukwa cha mwera". Pamwamba pake pali "anaponya nangula", ndipo pamenepo n'kuponya kwenikweni, alqaa al-mirsaat. Munthu wofulumira akhoza kubwereza mneni yemweyo. Koma doko saliponya. Tikawerenga ndi kalembedwe ka lero ndi anaphonya doko, ndiye kuti mphepo inamukankha n'kupitirira pamene amafuna kukocheza. Aliyense wokulira kuno akudziwa zimene mwera umachita m'miyezi yozizira, ukamawomba kuchokera kummwera n'kuutsa mafunde. Ndinalemba akhta'a al-marsaa. Mwera ndinausiya ndi dzina lake m'zilembo za Chiarabu, n'kufotokoza m'munsi kuti ndi mphepo yamphamvu ya kummwera, chifukwa kungoti mphepo kukanachotsa nyengo ya ulendowo.

Nditabwera ku swala ya masana ndinakhalira malo achitatu, ndipo amenewa sanatheke. Tsambalo limatchula mitolo ya mpunga imene inakwezedwa, ndipo nambala yake ndi 30 kapena 80. Ziro akuoneka bwino. Nambala yoyambayo mbali yake ya kumanja ilipo, timimba tiwiri, koma kumanzere kachilombo kanasenga pepala mpaka kadzenje komwe kanapita. Kusiyana kwa 3 ndi 8 kuli kumanzere komweko. Kuyeza sikuthandiza, popeza manambala onse anali ofanana m'lifupi. Ndinawerenga masamba oyandikana nalo kuti mwina chiwerengerocho chabwerezedwa, koma ayi.

Ndikanatha kusankha 30 poganiza kuti ngalawa ziwiri zodzaza kale sizikanatenga mitolo yambiri, koma kumeneko n'kuganiza chabe. Chinanso, m'manambala amene Aarabu akummawa amalemba, ٣ ndi ٨ safanana mpang'ono pomwe. Mlendo uja akaona imodzi sangaganize kuti mwina inali inayo. Ndinalemba zonse ziwiri m'mikutiramawu, thalaathuun aw thamaanuun, ndipo m'munsi ndinaika mawu amene okonza mabuku akale a Chiarabu amagwiritsa ntchito, ghayr waadih fil-asl, kutanthauza kuti m'buku lenilenilo sipakuoneka bwino.

Mayina anandidyera nthawi pang'ono. Kota Kota ndinalemba monga asindikizira, ndi chilembo cha Chiarabu chotchedwa kaaf, n'kuika dzina la lero m'munsi. Ambiri polemba Nkhotakota m'Chiarabu amaona kh n'kuika khaa, chilembo chokokera kukhosi, pamene kh wathu ndi k wotuluka ndi mpweya basi, ndipo kaaf ndiye wayandikira. Chiarabu chilibenso p, ndipo o ndi u amagwera pa chilembo chimodzi, choncho dzina lililonse ndinaliika timizere ta katchulidwe ndi kulilembanso m'zilembo zathu pambali.

Kumunsi kwa tsamba kuli mzere wonena kuti m'ngalawamo munalinso minyanga ndi akapolo. Inki yake ndi yakuda bii, palibe chokayikitsa. Ndi mbiri ya tawuni ino: kuyambira m'ma 1840 pamene Salim bin Abdullah anakhazikika kuno n'kukhala Jumbe woyamba, ngalawa zinkawolotsa anthu kupita kutsidya la kummawa, ulendo wa ku Kilwa, ndipo Livingstone atafika kuno mu 1861 anazipeza zikuchitika. Mnzanga wophunzitsa naye ku madirasa, amene anabwera kudzaona ntchitoyo, anati mwina ndilembe khadam, antchito, kuti mlendo asakhumudwe. Ndinakana. Anthu amenewo anagwidwa m'midzi ya kumtunda kuno, ena a iwo ndi abale a makolo athu, ndipo liwu lawo m'Chiarabu ndi raqiiq. Ndi limene ndalemba.

Dzuwa litapendeka ndinakopera zonse papepala loyera, Chinyanja kumanzere, Chiarabu kumanja, mzere uliwonse ndi nambala yake kuti wofuna kutsimikiza apeze msanga. Kenaka ndinachita chimene ndimachita nthawi zonse pomaliza: ndinaphimba Chinyanjacho, n'kupempha mnzanga uja kuti awerenge Chiarabu chokha ndi kundiuza m'Chichewa zimene wamva. Pamzere umodzi anamva ngati amene anabwerera ndi woyendetsa ngalawa yekha, osati ngalawa zonse ziwiri, chifukwa alifu ya kumapeto kwa mneni, imene imasonyeza kuti zinthuzo ndi ziwiri, inali yaifupi kwambiri moti anaiphonya. Ndinaitalikitsa n'kuikanso timizere ta katchulidwe pa aneni onse a zinthu ziwiri.

Ndinabweza kabukuko kwa Shehe itatha swala ya Magharibi. Anawerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mzere, ndipo atafika pa mikutiramawu ya mpunga anaima.

"Apa ndiye simunathe?"

"Pepala linadyeka, Shehe. Likapezeka buku lina lofanana nalo, tidzadziwa."

Anati adzafunsa kwa anzawo a ku tchalitchi cha Anglican, popeza amishoni awo ankasindikiza mabuku a Chinyanja ku Likoma, ndipo mwina mkulu wina anasunga lake. Ndinawapempha kuti kabukuko asamakasungenso m'pulasitiki, chifukwa kamachita thukuta, koma m'nsalu youma, pamwamba, kutali ndi khoma. Masamba othothoka asamatidwe ndi selotepi, angoikidwa m'pepala loyera lopinda pakati.