Bondo langa linkawongoleredwa kuchiuno

Timu yathu ya netibo kuno ku Ntcheu itayamba kuchita masikwati, masewera onyonyomala n'kudzuka, bondo langa lakumanzere linayamba kupweteka chakutsogolo, makamaka potsika mtunda. Aphunzitsi athu a masewera anandijambula pa foni ndikunyonyomala. "Achemwali, taonani apa," anatero. Ndikatsika n'kuyamba kudzuka, mawondo ankapendekera mkati ngati akufuna kugundana. Pa lanji, pomwe phazi limodzi limakhala kutsogolo, zinkaonekera kwambiri.

Ine ndinkaloza bondo, koma iwo anandigwiritsa m'mbali mwa thako, pansi pang'ono pa fupa la chiuno. Bondo ntchito yake yaikulu ndi kupinda ndi kuwongoka. Chimene chimalitengera mkati ndi fupa la ntchafu, likatsetserekera pakati n'kupotokera mkati kuchokera kuchiuno. Minofu ya mkati mwa ntchafu imakokera komweko, ndipo ukaima ndi mwendo umodzi kulemera kwa thupi kumawonjezera. Yoletsa zimenezi ili m'matako. Wam'mbali uja, gulutiyasi midiyasi, umakokera ntchafu kunja ndi kugwira chiuno kuti chisagwere mbali imodzi. Waukulu wakumbuyo, gulutiyasi makisimasi, umakudzutsa komanso umapotolera ntchafu kunja. Ikafooka kapena kutopa, bondo limagwera mkati, ndipo kutsogolo kwake ndi mitsempha yolimanga ndi zomwe zimasenza katunduyo. Kwa ife odumpha n'kutera mwadzidzidzi, zimenezi si zocheza.

Ndinayamba chogona chammbali, kukweza mwendo wapamwamba uli wowongoka, chidendene chili chakumbuyo pang'ono, ka 12 mbali iliyonse, maulendo atatu. Sabata yoyamba ndinkalakwitsa. Ndinkagubuduzira chiuno kumbuyo, ndiye kutentha ndinkakumva kutsogolo kwa chiuno. Nditagona msana utatsamira khoma, ndinakumva m'mbali mwa thako, pamalo pake penipeni.

Kenako ndinadula chubu chakale cha njinga, n'kuchimanga mozungulira miyendo pamwamba pa mawondo. Ndinkayenda cham'mbali mapazi 10 uku, 10 uko, kenako n'kunyonyomala ndikukankha mphirawo. Mphira umakokera mawondo mkati, choncho matako amakakamizika kugwira ntchito. Bondo lizilunjika chala chachiwiri cha phazi, ndipo chala chachikulu chisanyamuke pansi. Ukakankha mopyola muyeso umaimira m'mphepete mwa phazi, komwenso n'kulakwa.

Matako okha sanathetse zonse. Akakolo anga anali ouma, osapindika bwino, ndiye ndikatsika kwambiri phazi linkaphwatalala n'kukokera bondo mkati. Nditaika kathabwa kopyapyala pansi pa zidendene bondo linawongoka, ndipo ndinadziwa kuti ndiyeneranso kumatambasula katumba.

Patatha masabata 6, ndikuchita katatu pa sabata, ndinadziyesa potsika sitepe ya pakhonde ndi mwendo umodzi, pang'onopang'ono. Maulendo 8 oyamba bondo linalunjika bwino, wa 9 linagwedera. Ndimalekezera pomwepo, chifukwa kupitiriza uli wotopa n'kuphunzitsanso thupi chizolowezi chakale. Mnzanga wina bondo lake linali lotupa komanso linkagwa lokha akamayenda. Ameneyo aphunzitsi sanamupatse mphira, anamutumiza kuchipatala.