Lachinayi, ndi nkhani ya kachitini ka alamu anga

Magetsi abwera tsopano, fani ikuzungulira, koma tulo palibe. Mawu a alamu anga akundibwererabe m'mutu: "Alamu, mafuta munandipatsa aja ndi achinyengo."

Afika Lolemba kuchokera ku Ulongwe, adzakhala nafe kuno ku Tete masabata atatu. Lero masana anabwera pa benchi yanga kumsika, atakwinya nkhope, n'kutsitsa kolala ya bulauzi kuti ndione. Pakhosi ponse ndi pamsana pali tizidzolo ting'onoting'ono tothithikana, toyabwa, ndipo akuti tikabaya timakhala ngati singano. Kenaka anatulutsa kachitini ka bata wodzola kamene ndinawatumizira mu Juni. Anakatsegula pamaso pa anzanga ogulitsa. Pamwamba panali mafuta oyandama, pansi zinthu za mibulumibulu ngati mchenga. Mayi wa benchi yoyandikana nayo anasuzumira, ndipo mtima wanga unawawa, chifukwa zaka zonsezi sindinagulitsepo munthu chinthu chimene ine sindingadzole.

Ndinawafunsa kuti, kodi mu Juni anakuchitani chonchi? Ayi, akuti mu Juni anali abwino kwambiri, zikang'a zinatha, miyendo inasiya kutuwa. Nanga mwadzola liti? M'mawa uliwonse, thupi lonse, monga amachitira kwawo.

Vuto linali pamenepo, koma kulifotokoza kwa munthu wokwiya amene khosi likumuyabwa si chinthu chapafupi. Ku Ulongwe ndi kumtunda. Mu Juni ndi Julaye mphepo ya mwera imaumitsa khungu mpaka kung'ambika, thukuta silituluka, ndiye chinthu cholemera ngati bata chimakhala ngati bulangeti pakhungu. Kuno tili m'chigwa cha Zambezi, ndipo mu Okutobala muno kutentha kumadutsa madigiri 40. Thupi limatulutsa thukuta kuyambira m'mawa. Ukamata bata pakhosi, pamsana ndi kunsi kwa mabere, timabowo ta thukuta timatsekeka, thukuta limatsalira m'kati, ndiye tizidzolo tija. Chizindikiro chake n'chakuti timatuluka m'malo opindika ndi mobisika ndi zovala. M'miyendo mwawo, momwe anadzolamonso bata yemweyo, mulibe kanthu. Akanakhala kuti mafutawo akuwawenga, pena paliponse pomwe anadzola pakanaonetsa.

"Nanga mchengawu?" anatero, akundilozetsa chala chimene anapisa m'chitini.

Bata ameneyu ndi wa shiya, mtedza wa mtengo umene umamera kumadzulo kwa Afirika, ku Ghana, Mali ndi Burkina Faso. Amasungunuka pa kutentha kongofanana ndi kwa thupi la munthu, n'chifukwa chake amaterera ukamupaka m'manja. Kachitiniko kanayenda tsiku lonse m'chikwama pa chapa, minibasi ya kuno, kanasungunuka, usiku n'kuumanso pang'onopang'ono. Shiya akauma mochedwa chotero amapanga mibulu. Sanawonongeke. Ndinawauza kuti tikafika kunyumba tiika kachitiniko m'mbale ya madzi otentha mpaka zonse zisungunuke mbee, tivundule, kenaka tikaike mufiriji kuti aume msanga, adzabwerera mwakale. Wowonongeka amadziwika ndi fungo, amanunkha ngati nsinjiro zokhalitsa. Ndinawanunkhitsa. Anangoti "mm".

Apa ndinatenga mabotolo atatu, ndinawapempha mkono. Ndimakonda kuonetsa pamkono kusiyana ndi kulankhula. Ndinadontheza loshoni pafupi ndi chikhatho, mafuta amadzimadzi pakati, bata cha kuchigongono. Tisanamalize n'komwe kukambirana za ana, pa loshoni panali patauma, pozizirira. Pa mafuta pankanyezimira, khungu la pansi pake likadali lotuwa. Bata anali phathiphathi.

Ndinatembenuza botolo la loshoni n'kuwaonetsa mawu oyamba pa mndandanda wa zosakaniza: Aqua. Ndi madzi. Zosakaniza amazilemba kuyambira chochuluka, ndiye loshoni mbali yake yaikulu ndi madzi, mafuta pang'ono, ndiponso gilisalini amene amakoka chinyezi n'kuchisunga pakhungu. Madziwo akamauluka m'pamene umamva kuzizirira. N'chifukwa chake m'mawa wa ku Tete umafuna loshoni, wopepuka, amene sagwira fumbi. Amene anakhalako ku Moatize akudziwa mmene fumbi la malasha limamatirira pa mwendo wodzola zonona. Kuipa kwa loshoni n'kwakuti sakhalitsa. Ku Ulongwe mu Julaye ukadzola m'mawa, pofika masana wayamba kale kutuwa.

Mafuta amadzimadzi, kaya a kokonati, a malambe kapena a nsatsi amene agogo athu ankadzola, mulibe madzi ngakhale dontho. Anthu ambiri amalakwitsa pamenepa. Mafuta sathirira khungu, amangotsekera madzi amene alipo kale. Ukawapaka pakhungu louma umangonyezimira, kutuwa kuli pansi. Nthawi yake ndi pomwe wangotuluka m'bafa, usanapukute bwinobwino, madontho akadali pathupi. Theka la kasupuni ka tiyi limakwana miyendo yonse iwiri. Kuno ine ndimatero madzulo okha. Masana ayi, ndipo mafuta sateteza ku dzuwa.

Alamu anati a kokonati anawasiya kalekale chifukwa amauma m'botolo ngati kandulo, nawonso ankawayesa achinyengo. Amenewo amauma kukazizira kutsika madigiri 24. Botolo lomwelo kwawo limafuna kuviika m'madzi ofunda, kuno nthawi zambiri amakhala madzi. Apo anamwetulira pang'ono, ndipo ndinaganiza kuti tamvana.

Koma ayi. Ndinawakonzera kabotolo ka loshoni wopanda fungo, ndinawauza kuti pakhosi ndi pamsana asadzolepo chilichonse masiku atatu kapena anayi, azisamba madzi ozizira, avale za thonje zomasuka, asakande. Tizidzolo totere timatha tokha khungu likapuma. Tikayamba mafinya kapena thupi likatentha, tipite kuchipatala. Loshoni m'manja ndi m'miyendo m'mawa, bata ku zidendene ndi zigongono zokha pogona, kambewu kofanana ndi nzama. Iwo anayang'ana kabotolo kaja n'kufunsa kuti ndi mametikali angati. Ndinati sindikugulitsa, tengani. "Ndiye munthu azikhala ndi mabotolo atatu? Ife kwathu vaselini mmodzi amakwana banja lonse."

Mawu amenewo ndi amene andikhala pamtima kuposa a chinyengo aja. Sanalakwe kwenikweni. Vaselini amatseka khungu kuposa zonse zimene ndimagulitsa, ndipo pa zikang'a za mu Julaye palibe chomuposa. Koma ndikanawauza kuti vaselini yemweyo pamsana wa mwana mu Okutobala kuno amabweretsa tizidzolo tomweti, zikanamveka ngati ndikufuna kupambana mkangano. Ndinangokhala chete. Mwina ndikanalankhula. Ndipo mu Juni muja, potumiza kachitini, bwanji sindinawauze kuti ameneyu ndi wa nyengo yozizira? Makasitomala ndimawauza tsiku ndi tsiku, koma wachibale ndinangomupatsira pa chapa popanda mawu.

Madzulo tasungunula bata uja limodzi, ali mufiriji pafupi ndi botolo la madzi. Posamba ndinamva akufunsa mwana wanga kuti kabotolo koyera kali kuti. Sindikudziwa ngati adzola kapena amangofuna kuwerenga mawu aja. Agona pakhonde, akuti m'nyumba mukuwotcha, ndipo ndikuwamva akutembenukatembenuka pamphasa.