Mmene ndinafufutira akaunti ya WhatsApp ya nambala ya kuntchito

Nditasiya ntchito ndinayenera kubweza simukhadi ya kampani, ndipo pa nambala imeneyo panali akaunti ya WhatsApp yomwe inali itasakanikirana kale ndi moyo wanga. Munali gulu la banki m'khonde, gulu la abale, ndi la kwaya. Mnzanga wina anati ingochotsani pulogalamuyo pafoni basi. Zimenezo sizifufuta akaunti. Pulogalamu ikachoka pafoni, akaunti imatsala yamoyo, dzina lanu lili m'magulu onse, anthu n'kumatumizabe mauthenga. WhatsApp imadzafufuta yokha akaunti yomwe yakhala osalumikizidwa kwa masiku pafupifupi 120, koma simu yanga inali kupita m'manja mwa munthu wina sabata yomweyo, ndiye zodikira panalibe.

Ndinayang'ana kaye njira ya Change number, yomwe imasamutsa magulu ndi chithunzi chanu kupita ku nambala yatsopano. Ngati mukungosintha nambala, tengani imeneyo, musafufute chilichonse. Ine nambala yanga ya kunyumba inali kale ndi akaunti yakeyake, choncho ya kuntchitoyo inafunika ithe.

Chofunika kuchimvetsa musanakhudze batani lililonse ndi nkhani ya bakapu. Ambirife timadalira kuti popeza foni ya Android imasunga mauthenga ku Google usiku uliwonse, tikadzafuna tidzawabweza. Pa kufufuta akaunti sizili choncho. Bakapu ya ku Google imapita limodzi ndi akauntiyo, ndipo chenjezo lake limalembedwa poyera pa tsamba lofufutira. Bakapuyo inapangidwira munthu amene foni yake yatayika kapena yagwera m'madzi, osati amene watseka akaunti mwadala. Mukadzalembetsanso ndi nambala yomweyo mawa lake, mudzapeza akaunti yopanda kanthu, popanda funso loti mubweze mauthenga akale kuchokera ku Google.

Ndiye ndinayamba ndi kupulumutsa zomwe ndinkafuna. Gulu la banki m'khonde ndilo linandidetsa nkhawa, chifukwa ndinali msungichuma ndipo umboni wonse wa amene anaponya masheya ndi amene anabweza ngongole unali m'menemo, makamaka zithunzi za mauthenga a Airtel Money ndi Mpamba. Ndinatsegula gululo, n'kudina timadontho titatu ta kumwamba, kenaka More, kenaka Export chat. Pamenepo imakufunsani kuti musankhe Without media kapena Include media. Mukasankha yopanda zithunzi imatenga mauthenga atsopano okwana 40,000, mukaphatikiza zithunzi imatenga 10,000 okha, ndipo zithunzi zakale zikhoza kutsala. Ine ndinachita zonse ziwiri n'kudzitumizira pa imelo. Chomwe chimatuluka ndi fayilo ya mawu wamba, mzere uliwonse uli ndi tsiku, nthawi, dzina la wolemba ndi zomwe analemba. Mukhoza kuiwerenga kapena kuisindikiza, koma siibwereranso mu WhatsApp kukhala macheza. Ntchitoyi imachitika gulu limodzilimodzi, munthu mmodzimmodzi, choncho ndinasankha macheza okhudza ndalama ndi a malemu amalume anga, enawo n'kuwasiya apite.

Zithunzi ndi mauthenga a mawu ndinazikopera padera. Ndinalumikiza foni ku kompyuta ndi chingwe n'kutenga foda yonse iyi:

```
Android/media/com.whatsapp/WhatsApp/Media
```

Pa mafoni akale a Android foda ya Media ili m'kati mwa foda yotchedwa WhatsApp, yomwe ili poyambirira penipeni. Pafupi ndi foda ya Media pali ina yotchedwa Databases, yomwe ili ndi mafayilo oyamba ndi msgstore. Amenewo ndi otsekedwa ndi kiyi, simungawatsegule pa kompyuta n'kuwerenga, ndiye musawawerengere ngati chitetezo chanu.

Kenaka magulu. Mukafufuta akaunti mumachotsedwa m'magulu onse nthawi imodzi, koma maguluwo safa, ngakhale amene munawayambitsa nokha. Vuto limakhala pamene adimini muli nokha. Zikatero WhatsApp imangotola aliyense mwa otsalawo n'kumupatsa udindo, ndipo siifunsa kuti wokhulupirika ndani. M'gulu la kwaya zimenezo n'zosadandaulitsa kwenikweni. M'gulu la ndalama, udindo ukhoza kugwera munthu amene ali ndi ngongole yaikulu kuposa onse, n'kukhala ndi mphamvu yochotsa anzake komanso kufufuta mauthenga atsopano a ena. Ndinatsegula tsamba la gululo, n'kudina dzina la amayi omwe ndi apampando athu, n'kusankha Make group admin. Ndinawonjezanso nambala yanga ya kunyumba n'kuipatsa udindo womwewo, popeza ndinali ndidakali ndi mphamvu yotero. Nditawauza, apampando anayankha kuti, “Mwachita bwino achimwene, koma zolemba zakale zija musataye.” Ananena zoona, chifukwa nambala yongolowa kumene m'gulu siipeza zokambirana za miyezi yapitayo.

Panali kagulu kena ka zokonzekera ukwati womwe unachitika kalekale. Kameneko ndinafuna kathe ndithu, ndipo njira yake ndi yotopetsa: kuchotsa munthu aliyense payekhapayekha, kenaka Exit group, kenaka Delete group. Mukangotuluka anthu adakali momwemo, gulu limapitirira popanda inu.

Kufufuta kwenikweniko n'kwachangu. Kumachitikira pafoni yomwe ili ndi akaunti, osati pa kompyuta yolumikizidwa. Timadontho titatu, Settings, Account, Delete account (pa mafoni ena palembedwa Delete my account). Imafuna mulembe nambala yanu: dziko musankhe Malawi kuti pabwere +265, ndipo nambalayo mulembe popanda 0 woyambirira. Ikakana kuti nambala sikugwirizana, kawirikawiri ndi 0 ameneyo, kapena mwalemba nambala ya simu ina yomwe ili m'foni momwemo. Imafunsa chifukwa chomwe mukuchokera, n'kukuchenjezani komaliza. Mukadina batani lofiiralo, pakapita kamphindi foni imabwerera pa tsamba lolandira alendo lija, ngati mwangoika pulogalamuyo kumene. Batani lobwezera palibe, ndipo palibenso masiku oti musinthe maganizo ngati mmene zimakhalira pa Facebook.

Zomwe zinapita ndi mauthenga onse a pafoni yanga, chithunzi changa, malo anga m'magulu ndi bakapu ija. WhatsApp imanena kuti kuchotsa zonse pa makina awo kungatenge masiku mpaka 90, koma pa nthawi imeneyo inu simungazionenso. Zomwe sizinapite ndi zonse zimene ndinatumizira anthu ena. Ndinabwereka foni ya mlongo wanga kuti ndione: macheza athu analipo onse, zithunzi zomwe ndinamutumizira zilipo, kungoti pa chithunzi changa panali kamunthu kotuwa kopanda nkhope. M'gulu la banki m'khonde mauthenga anga akale anali pomwepo pamalo pake. Choncho ngati mukufufuta akaunti pofuna kuti mawu omwe munalembera munthu mutakwiya asowe, dziwani kuti amene amataya umboni ndinu, iye wake ali nawobe.

Chotsala chinali kuuza anthu kuti achotse nambala yakaleyo m'mafoni mwawo. Amene adzalandire simuyo akadzatsegula WhatsApp sadzapeza magulu anga kapena mauthenga anga, koma kwa aliyense amene anasunga nambalayo adzaoneka ndi dzina langa, ndipo uthenga wopempha ndalama wochokera kwa iye ukhoza kukhulupiriridwa mosavuta. Uthenga wodziwitsa anthuwo ndinautumiza akaunti isanafe, kuti uchokere pa nambala yomwe ankaidziwa.