Kadontho kamodzi, ukwati wonse kuseka

Chinandipweteka ku Ankara n'kudziwa galamala. Mphunzitsi atatiuza kuti m'Chituruki mavawelo amatsatana, ine ndinamwetulira, poti kwathu timati phikira koma gonera, dyetsa koma gulitsa. Zomwezo basi, kungoti Aturuki ali ndi mavawelo 8. A, ı, o, u amatchulidwa lilime lili kumbuyo, pamene e, i, ö, ü lilime limabwera kutsogolo. Pafupifupi kachidutswa kalikonse komwe waphatikiza kumchira kwa mawu kamatengera vawelo ya kumbuyo kwake. Nyumba ndi ev, nyumba zambiri evler, zathu evlerimiz, kuchokera ku nyumba zathuzo evlerimizden. Ukatenga oda, chipinda, mzere wonse umatembenuka: odalarımızdan. Ndinkazilumikiza ngati mabogi a sitima, anzanga m'kalasi n'kumandipatsa ulemu.

Mayi amene ndinkachita lendi kwawo, omwe ndinkawatcha teyze, kunena kuti azakhali, anandiitanira ku ukwati wa mdzukulu wawo. M'mawa mwake, ukwati utatha, anatumiza uthenga wa mawu pagulu la banja lawo pa WhatsApp, kufunsa ngati sindinaboweke. Mneni wake ndinkangoumva m'makutu, ndinali ndisanauonepo pa pepala. Ndi sıkıl-, wa ı yopanda kadontho, imene imamveka ngati munthu wamenyedwa m'mimba pang'ono. Khutu langa la Chichewa, lozolowera mavawelo asanu, linamva i wamba.

Ndiye ndinakhala pansi kumanga yankho mwaluso. Kukana ndi -ma kapena -me, zakale ndi -dı, -di, -du kapena -dü, ndipo -m ndiye ine. Choyenera chinali sıkılmadım, sindinaboweke. Koma poti tsinde langa linali ndi i, lamulo linati -me, kenako -di. Ndinalemba sikilmedim, n'kuikapo kamtima.

Tsinde la i limenelo ndi mawu otukwana aja a zakuchipinda. Ndinali nditalengeza kwa azakhali, akuchikazi ndi akuchimuna omwe, kuti ku ukwatiko palibe anandigona.

Gulu linangoti zii. Kenaka foni inalira, mwana wawo wamwamuna akulephera kupuma ndi phwete. Ndinayesa kunamizira foni kuti ilibe ı.

“Abi, usaname,” anatero, kunditchula achimwene m'Chituruki. “Ikanakhala foni ukanalemba sikilmadim. Ambiri timalemba choncho tikachita ulesi, ndipo a ija imatiuza zomwe munthu akutanthauza. Iwe walemba e. Watukwana motsatira malamulo onse.”

Madzulo teyze anandiitana kukamwa tiyi m'timatambula tawo tija. Sanatchule kanthu. Anangoloza mdzukulu wina wamkazi n'kunena kız, ine ndibwereze, analoza chitseko n'kunena kapı, ndibwerezenso, mpaka tiyi anazizira. Amuna awo anabisa nkhope kuseri kwa nyuzipepala, koma nyuzipepalayo inkanjenjemera.