Momwe ndimasankhira mawu a mlembi ndi kuwalukira m'ndime yozukuta ndakatulo

Ophunzira anga a Fomu 4 akandibweretsera ndime yozukuta ndakatulo, vuto limene ndimaliona kawirikawiri n'lakuti amakopera mizere itatu kapena inayi, n'kuiika pakati pa mitengero, kenako n'kupita ku mfundo ina osanenapo kanthu. Mawu a mlembi amangokhala paokha, ndipo wowerenga sadziwa chimene aikidwira pamenepo. Ndiye ndikuonetsani momwe ineyo ndimachitira, pogwiritsa ntchito Salimo 23 la m'Buku Lopatulika. Ndalisankha chifukwa ambirife timaliloweza, ndi lalifupi, mavesi 6 okha, komanso ndi ndakatulo yeniyeni imene mungaizukute ngati ina iliyonse.

Sindiyamba ndi kufunafuna mizere yokoma. Ndimayamba ndi kulemba papepala lapadera chiganizo chimodzi chonena zimene ndaona. Mu salimoli ndinaona kuti m'mavesi atatu oyamba woyankhula akunena za Mulungu ngati akuuza anthu ena, koma akafika pa vesi 4, pamene zinthu zathina, atembenuka n'kuyamba kuyankhula naye mwachindunji. Mfundo yanga ikhala yakuti mavuto ndiwo akumusendeza woyankhulayo pafupi ndi mbusa wake.

Mfundo ikapezeka, kusankha kumaphweka. Ndimawerenganso ndi pensulo, n'kumadula mzere kunsi kwa mawu okhawo amene akundiikira umboni. Apa mtima umakhumba kutenga vesi loyamba, "Yehova ndiye mbusa wanga, sindidzasowa", poti ndi lodziwika kuposa onse. Koma pa mfundo yangayi silikundithandiza kwambiri, choncho ndilisiya. Chimene ndikufuna ndi mneni mmodzi wa kumayambiriro, "anditsogolera", malo amene zinthu zasinthira, "m'chigwa cha mthunzi wa imfa", ndi mawu a kutembenukako, "Inu muli ndi ine". Pothera ndionjezapo "chibonga chanu ndi ndodo yanu". Mayeso anga pa mawu alionse ndi awa: ngati ndingawanene m'mawu angaanga popanda kutaya kanthu, sindiwatenga. Zoti mbusa akudyetsa nkhosa ndinganene ndekha. Koma "Inu" ameneyo sindingamufotokoze m'mawu ena, chifukwa mfundo yonse yagona pa mlowam'malo ameneyu.

Tsopano kuluka. Taonani kaye ndime yosalukidwa, monga zimene ndimalandira zija:

Woyankhula ali pafupi ndi Mulungu. "Inde, ndingakhale ndiyenda m'chigwa cha mthunzi wa imfa, sindidzaopa choipa, pakuti Inu muli ndi ine." Izi zikusonyeza kuti ali pafupi ndi Mulungu.

Palibe bodza m'menemo, koma chiganizo chachitatu changobwereza choyamba, ndipo wowerenga sanauzidwe kuti pa mawu onse aja ayang'ane ati. Ine ndimaduladula vesilo n'kulowetsa zidutswazo m'ziganizo zanga:

M'mavesi atatu oyamba woyankhula akunena za mbusa wake ngati akuuza anthu ena: akuti "anditsogolera", ndipo malo amene akutchula ndi amtendere, a msipu ndi "madzi odikha". Koma akangolowa "m'chigwa cha mthunzi wa imfa", aleka kufotokoza n'kuyamba kuyankhula ndi mbusayo maso ndi maso: "Inu muli ndi ine". Ngakhale zida za mbusa zasanduka "chibonga chanu ndi ndodo yanu". Mbusa amene ankanenedwa ali chapatali pa msipu, m'chigwamu wayandikira mpaka womuitana.

Chovuta kwambiri pakulukaku m'Chichewa ndi mgwirizano wa mawu. Mneni wathu amanyamula wochita ndi wochitiridwa m'kati mwake. Mu "anditsogolera" muli "ndi" woimira woyankhula wa m'ndakatulo, osati ine wozukuta. Ndikalemba kuti woyankhula akusangalala chifukwa mbusa "anditsogolera", chiganizo chapunduka, chikumveka ngati wotsogoleredwayo ndine. Pali njira ziwiri zochizira. Yoyamba ndi kutsogoza mawu monga "akuti" kapena "akunena kuti", kuti wowerenga adziwe kuti pakamwa pasintha, monga ndachitira pamwambapa. Yachiwiri ndi kusintha mneniyo n'kuika chosinthacho m'mikutiramawu yamakona, chonchi: mbusa "a[mu]tsogolera". Njira yachiwiriyi ndi yololedwa, koma ine sindiikonda. Imaoneka yazigamba, ndipo ikachuluka m'ndime imodzi wowerenga amayamba kukayikira ngati mawuwo akadali a mlembi.

N'chifukwa chake posankha, ndimakonda mayina ndi afotokozi awo kuposa aneni. Mawu ngati "madzi odikha" amalowa m'chiganizo chilichonse mosavuta. Chongoyenera kusamala ndi chakuti agwirizanitsi anga atsatire gulu la dzinalo. Ndikatenga "chigwa cha mthunzi wa imfa" kukhala mwininkhani, ndilemba kuti chikuimira, osati akuimira. Ndipo popeza m'vesimo muli kale "m'chigwa", sindiikanso "mu" wanga kutsogolo kwa mitengero. Ophunzira ambiri amagwa pamenepa, amalemba kuti walowa mu "m'chigwa". Njira yodziwira ndi kuwerenga chiganizo mokweza ngati mulibe mitengero. Lilime likapunthwa, ulusi waduka penapake.

Pali nkhani ina ya kukhulupirika. Zimene zili m'kati mwa mitengero ziyenera kukhala ndendende monga zilili m'buku limene lili patebulo panu. Buku Lopatulika linatuluka koyamba mu 1922, ndipo makope akale amalemba "cigwa" ndi "cibonga canu", pomwe osindikizidwa m'kalembedwe katsopano ali ndi "ch". Ngati mwatsegula lakalelo, koperani momwemo, musalikonze mwakachetechete. Pamapeto pa mawuwo ikani nambala ya vesi kapena ya mzere, monga (vesi 4), kuti wofuna kutsimikiza apeze msanga.

Kudumpha mawu ndi timadontho titatu nako kumafuna maso. Vesi 5 likunena za gome loyalidwa "m'kuona kwa adani anga". Nditadula chigawo cha adanicho kuti chiganizo changa chifupike, phwandolo lingaoneke ngati lamtendere wokhawokha, pomwe ndakatulo ikunena za kudya adani akuyang'ana. Choncho ndisanadumphe mawu, ndimadzifunsa ngati otsalawo akunenabe zimene mlembi ananena. Ndimadula mawu odzaza malo, koma mawu otsutsa kapena ochepetsa mphamvu ya mfundo yanga sindiwakhudza.

Ndikamaliza ndime, ndimabwereranso ku ndakatulo kukasaka mzere wonditsutsa. Mu salimoli ulipo. Vesi 6 likuthera "m'nyumba ya Yehova", osati m'nyumba yanu, kutanthauza kuti woyankhula wabwereranso kunena za Mulungu m'malo moyankhula naye. Wowerenga watcheru auona mzerewu, ndipo ndikaubisa andigwira. Ndiye ndimaonjezera chiganizo chimodzi kumapeto kwa ndime ija: kuyankhulana mwachindunjiku kukupitirira mpaka pa gome la m'vesi 5, pamene adani akadalipo, koma zoopsa zikatha woyankhula atembenukiranso kwa omvera ake n'kutchula "nyumba ya Yehova". Potero mfundo yanga yachepa pang'ono. Sindikunenanso kuti salimo lonse likuyenda kuchoka patali kufika pafupi, koma kuti kuyankhula ndi Mulungu mwachindunji kukupezeka m'mavesi awiri okha, 4 ndi 5, amene mulinso imfa ndi adani.