Kalembera wa anthu pa tchati: mzere, keke kapena mipiringidzo?

Sabata ino ntchito yafika pojambula matchati a chiwerengero cha anthu m'dziko muno. Manambala onse achokera ku kalembera wa NSO, ofesi ya boma yowerenga anthu, ndipo akwana pa tsamba limodzi la Excel. Pakati pa manambalawo pali mafunso awiri osiyana: anthu achuluka bwanji m'zaka zapitazi, ndipo anthu omwe alipowa agawikana bwanji m'zigawo zitatu. Funso lililonse lili ndi tchati chake. Ukalisokoneza, kompyuta sikukuletsa ayi, imangojambula zokongola koma zopanda mutu.

Ndayamba ndi funso la nthawi. Kalembera anachitika mu 1966, 1977, 1987, 1998, 2008 ndi 2018. Anthu anali pafupifupi 4.0 miliyoni poyamba, kenako 5.5, 8.0, 9.9, 13.1, mpaka 17.6 miliyoni mu 2018. Mwadala ndinawaika kaye pa tchati chozungulira chija chodulidwa ngati keke, kuti ndione chimene chingatuluke. Chinatuluka ndithu: zidutswa zisanu ndi chimodzi, cha 2018 chitatenga pafupifupi 30 peresenti. Koma 30 peresenti ya chiyani? Keke yonseyo ikuimira anthu 58 miliyoni, chiwerengero chimene Malawi sanakhalepo nacho. Agogo obadwa mu 1950 ku Mitundu, omwe anali moyo mu 2018, alowa m'keke imeneyi kasanu ndi kamodzi.

Apa ndiye pagona muyeso wosavuta. Musanajambule keke, phatikizani manambala onse, kenako mudzifunse ngati yankholo lili ndi dzina. Ndalama zonse za mwezi uno, mavoti onse a pa chisankho chimodzi, anthu onse a mu 2018, zimenezi zili ndi dzina. Anthu a mu 1966 kuphatikiza a mu 2018 alibe dzina, choncho keke siyoyenera.

Manambala a zaka amafuna mzere, zaka zili chopingasa m'munsi, chiwerengero chikukwera m'mbali. Diso limawerenga kutsetsereka kwa mzerewo, ndipo limaona msanga kuti mbali yake yotsiriza ndi imene yaimirira kwambiri: anthu pafupifupi 4.5 miliyoni anawonjezereka pakati pa 2008 ndi 2018, kuposa anthu onse amene anali m'dziko muno mu 1966.

Pali misampha iwiri pa mzerewu. Woyamba, mukasankha zaka pamodzi ndi manambala n'kudina Line, nthawi zambiri Excel amatenga zakazo ngati manambala oti ajambulidwe nawo. Mumaona mizere iwiri, wina utagona pamwamba cha ku 2000, wa anthu utamatirira pansi. Mankhwala ake: lowani pa Select Data, chotsani mzere wa zaka, ndipo muziike pa Horizontal (Category) Axis Labels. Msampha wachiwiri ndi wobisika. Tchati cha Line chimatalikitsa zaka mofanana, pamene mipata yathu si yofanana: kuchoka 1966 kufika 1977 ndi zaka 11, 1977 kufika 1987 ndi 10, 1987 kufika 1998 ndi 11. Pano kusiyanako n'kochepa, koma kwa munthu amene akulemba mtengo wa chimanga pa msika wa Lizulu, nalumpha miyezi itatu osalemba, mzere udzaoneka ngati mtengo unakwera usiku umodzi. N'chifukwa chake ndasankha Scatter with Straight Lines and Markers, chimene chimaika chaka chilichonse pamalo ake enieni. Timadontho tija musatichotse. Ndi timene timauza owerenga kuti anthu anawerengedwa kasanu ndi kamodzi kokha, ndipo zapakatizo ndi mzere wongolumikiza.

Tchati chimene chandisangalatsa koposa ndi cha mizinda iwiri. Mu 1998 mzinda wa Lilongwe unali ndi anthu pafupifupi 440,000 pamene Blantyre anali ndi 502,000. Pofika 2018 Lilongwe anali pa 989,000, Blantyre pa 800,000. Mizere iwiriyi imadutsana cha kumapeto kwa mpata wa 1998 ndi 2008, ndipo mphambano imeneyo ndiyo nkhani yonse. Palibe keke imene ingaonetse mphambano. Dzina la mzinda ndalilemba kumapeto kwa mzere wake, osati m'kabokosi kapambali, chifukwa ambiri adzaona tchatichi pa foni, ndipo ena adzachisindikiza ndi inki yakuda yokha mitundu n'kusowa.

Tsono funso lachiwiri. Mu 2018 Chigawo cha Kummwera chinali ndi anthu pafupifupi 7.75 miliyoni, Chapakati 7.52 miliyoni, Chakumpoto 2.29 miliyoni. Gawo la chilichonse limapezeka motere, manambala ali mu B2 mpaka B4:

```
=B2/SUM($B$2:$B$4)
```

Mukakokera fomyulayi m'munsi n'kudina %, zotsatira zake ndi 44, 43 ndi 13 peresenti. Apa keke ikuloledwa: chaka ndi chimodzi, munthu aliyense ali m'chigawo chimodzi basi, ndipo zidutswa zikukwana 100. Ngati uthenga wanu ndi wakuti Kumpoto kuli munthu mmodzi mwa anthu asanu ndi atatu aliwonse, keke ikunena zimenezo bwino lomwe.

Koma yesani kufunsa kuti chachikulu n'chiti pakati pa Kummwera ndi Pakati. Peresenti imodzi pa bwalo ndi madigiri 3.6, ndiye zidutswa ziwirizi zikusiyana ndi madigiri osakwana 5. Mukaphimba manambala ndi chala, simungaloze chachikulu, chonsecho kusiyanako ndi anthu oposa 200,000. Diso la munthu siliyeza bwino ngodya. Limayeza bwino zinthu zoyambira pa mzere umodzi, monga momwe akatswiri a kafukufuku Cleveland ndi McGill anaonetsera mu 1984. Manambala omwewa ndawaika pa mipiringidzo itatu yogona, wautali pamwamba, ndipo kansonga ka Kummwera kakuoneka katapitirira. Mipiringidzo iyambire pa 0 nthawi zonse. Mukaiyambitsa pa 7 miliyoni, Kummwera kudzaoneka ngati kukuposa Pakati ndi pafupifupi theka. Za keke ya 3-D nzosayamba n'komwe, chifukwa chidutswa chakutsogolo chimafufuma n'kuoneka chachikulu kuposa mmene chilili.

Chovuta kwenikweni ndi pamene mafunso awiriwa akumana, ukufuna kuona mmene magawo asinthira ndi nthawi. Ambiri amaika makeke awiri pafupipafupi, owerenga n'kumangotembenuza mutu uku ndi uku. Chabwinoko ndi 100% Stacked Column, mzati umodzi wa 2008, wina wa 2018. Komabe nacho chili ndi chinyengo chake. Kumpoto kunali 13 peresenti mu 2008 ndipo kunali 13 peresenti mu 2018, ndiye pa tchatichi kukuoneka ngati sikunasunthe. Zoona zake n'zakuti anthu kumeneko anachoka pa 1.7 miliyoni kufika pa 2.3 miliyoni. Gawo silinasinthe chifukwa dziko lonse linakula nawo limodzi. Chinanso, m'mzati wosanjikiza, chigawo chapansi ndi chapamwamba ndi zokhazo zimene zili ndi m'mphepete mosasuntha. Chapakati chimayandama, choncho chigawo chimene mukufuna kuti anthu achiyerekeze chiikeni pansi.

Ndiye pa tsamba lomaliza ndasiya matchati awiri oyandikana: kumanzere mizere itatu ya chiwerengero cha zigawo, kumanja mizati ya magawo, chigawo chilichonse chili ndi mtundu umodzimodzi mbali zonse. Chatsala ndi maboma 28. Amenewo keke sangakwanemo, adzapita pa mipiringidzo yogona, kuyambira boma lalikulu pamwamba mpaka Likoma pansi.